Tisaombere makina m'manja chifukwa choti anena "zikomo"

Abale anga a ku Dedza, ku Chipata, ku Angonia, ku Harare ndi ku Joni, pali chizolowezi chimene chatilowa ndipo ine chanditopetsa. Munthu amatsegula tchatiboti pafoni, nkuilamula kuti iyankhe m'Chichewa, ikalemba mizere isanu iye nkujambula, nkutumizira aliyense ndi mawu akuti, "Taonani, makina ayamba kulankhula chathu!" Pomwepo timagawikana pawiri. Ena amaomba m'manja ngati mwana wayamba kuyenda. Ena amayamba kukangana kuti makinawo alemba "ntchito" pomwe kwawo amalemba "nchito". Ine ndikuti magulu onse awiriwa akuyeza ndi muyeso wolakwika, ndipo kulakwa kwawo kungathe kuchititsa munthu manyazi pamaso pa mfumu ya kwawo. Ndinaona zimenezi zitatsala pang'ono kuchitika.

Ndiyambe ndi okangana pa kalembedwe, chifukwa mlandu wawo ndi wosavuta kuuthetsa. Ku Malawi dzina lakuti Chichewa linakhazikitsidwa m'malo mwa Chinyanja mu 1968, ndipo malamulo a kalembedwe amene ana a sukulu amatsata anatuluka mu 1973, nakonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990. Ku Zambia unduna wa maphunziro unavomereza kalembedwe kawokawo mu 1977, ndipo kumeneko amalemba "Cinyanja" ndi "cifukwa" popanda h. Ngakhale Buku Lopatulika la 1922, limene agogo athu a mbali zonse za malire anaphunzirirapo kuwerenga, linkalemba "cifukwa" ndi "nchito". Tsono munthu wa ku Lilongwe akamanena kuti makina alakwa chifukwa alemba "cabe", akudzudzula m'bale wake wa ku Katete mosadziwa. Chinthu chimodzi chokha choyenera kuyang'ana pa kalembedwe ndi ichi: kodi makinawo asankha njira imodzi nkuisunga mpaka kumapeto? Akalemba "chifukwa" mu mzere woyamba ndi "cifukwa" mu mzere wachinayi, pamenepo alakwadi. Kupitirira apo, mkangano wa zilembo ndi wongotayitsa nthawi, ndipo umatibisira zolakwa zenizeni.

Zolakwa zenizenizo ndizionetsa ndi nkhani imodzi. Mnyamata wina wa kumudzi kwathu, amene anakulira m'tauni ndipo tsopano amagwira ntchito ku Joni, amalume ake anamwalira komweko. Chichewa amalankhula bwinobwino, koma kulemba kalata ya ulemu sanazolowere, poti sukulu yake yonse inali ya Chingerezi. Anafuna kudziwitsa amfumu kuti akubwera ndi thupi kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, nkudzalowera pa chipata cha Dedza. Analemba zonse m'Chingerezi, napempha makina kuti amukonzere uthenga m'Chichewa. Mwamwayi, asanatumize anayamba wandionetsa ine. Uthengawo unali ndi ziganizo zisanu ndi ziwiri, ndipo munalibe liwu ndi limodzi lomwe lolembedwa molakwika. Woomba m'manja akanauvomereza, wokangana pa zilembo akanasowa pogwira. Koma mwa ziganizo zisanu ndi ziwirizo, chimodzi chokha, chotchula tsiku la ulendo, ndicho chikanatha kuwerengedwa pabwalo la mfumu anthu osagwetsa nkhope.

Uthengawo unayamba ndi "Wokondedwa Mfumu". Ndani mwa ife anayamba waitana mfumu kuti wokondedwa? Amenewo ndi malonje a kalata ya Chingerezi ongovekedwa mawu athu. Chiganizo chotsatira chinali choyembekeza kuti uthengawo "wakupeza bwino". Taonani kachidutswa kakang'onoko: "-ku-" wopanda "-ni" kumapeto ndi wa "iwe". Kwa mfumu timati "wakupezani". Choncho mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zisanu akanatchula mfumu ya kwawo kuti iwe m'mzere wachiwiri, asanafike nkomwe pa nkhani ya maliro. Ndipo ngakhale "-ni" akanakhalapo, chiganizo chonsecho nchachilendo. Wobweretsa uthenga wa zovuta sayamba ndi kufunira munthu mafuno oti kalata imupeze bwino. Amayamba ndi kudzitchula kuti iye ndi mwana wa yani.

Kenaka panabwera "malume anga wamwalira". Pano pali kusagwirizana koonekeratu. "Anga" ndi wa ulemu, wochulukitsa, pomwe "wa-" wa pa mneni ndi wa munthu mmodzi wopanda ulemu, monga timanenera kuti mwana wagwa kapena galu wathawa. Makina anayamba ndi ulemu nkuutaya pakati pa njira. Munthu woleredwa m'chiyankhulochi sangatero ngakhale ali mtulo, chifukwa kwa iye ulemu suli m'liwu limodzi ayi, umayenda m'chiganizo chonse: amalume anga amwalira, ndinawaona, thupi lawo. Ndipo kwa mfumu sitithamangira liwu lakuti kumwalira. Timati kwagwa zovuta, timati atisiya.

Apa ndiime pang'ono pa mgwirizano wa dzina ndi mneni, chifukwa ndi pamene munthu aliyense angayesere makina popanda kukhala katswiri. Dzina lililonse la Chichewa lili ndi gulu lake, ndipo gululo limalamula zidutswa zonse zotsatira: mudzi wathu wakula, midzi yathu yakula, chitsime chathu chaphwa, tsiku lathu lafika. Pa chiganizo chachifupi makina kawirikawiri sapunthwa, chifukwa "tsiku lino" ndi "nyumba yanga" anaziona kambirimbiri m'zolembedwa zimene anaphunzirirapo. Amapunthwa pamene dzina latalikirana ndi mneni wake. Mu uthenga wa mnyamata uja munali chiganizo choyamba ndi "Thupi la malume", chodutsa m'mawu onena za chipatala ndi tsiku la imfa, chomalizira ndi "udzafika Loweruka". Thupi limatenga "li-": lidzafika. "U-" ameneyo ndi wa mtembo, liwu limene silinali m'chiganizomo nkomwe. Chifukwa chake nchodziwika. Makinawa amalemba mwa kulosera kachidutswa kotsatira potengera zimene anaona kawirikawiri, ndipo pa chiyankhulo chimene anachiona pang'ono, ulusi womanga dzina ndi mneni umaduka msanga mawu akachuluka pakati.

Tsono mukafuna kuyesa, musapemphe malonje. Pemphani chiganizo chachitali, chokhala ndi maina awiri kapena atatu a magulu osiyana, kenaka muike chala pa mneni aliyense nkudzifunsa kuti mwini wake ndani. Gwiritsaninso ntchito maina onyenga. Galu, fodya ndi katundu amatenga mgwirizano wa munthu: galu wanga, fodya wanga, katundu wanga watayika. Mfumu ndi munthu, koma timati mfumu yathu yabwera, ndipo tikachulukitsa timati mafumu athu abwera, pomwe poilemekeza timati amfumu abwera. Makina amene angadutse pa maina anayi amenewa m'ndime imodzi osaterereka ndiye tingayambe kukambirana za kuwaombera m'manja.

Cholakwa chimene chinandipweteka koposa chinali chobisika kwambiri. Uthengawo unati "tikaika maliro kumudzi kwanu". Mawu anayi okha, koma muli mabala awiri. Loyamba ndi "-ka-". M'Chichewa "-ka-" amatanthauza kupita kukachita chinthu kutali ndi kumene kuli amene tikulankhula naye, pomwe "-dza-" amatanthauza kubwera kudzachita. Mayi akamatuma mwana amati "ukatunge madzi", koma akamamuitana amati "udzadye". Mnyamata wa ku Joni akamauza anzake a ku Joni angathe kunena kuti tikaika maliro kumudzi. Koma akamauza mfumu imene yakhala pamudzi pomwepo, ayenera kunena kuti tikubwera kudzaika. Chingerezi chilibe kachidutswa kotere mkati mwa mneni, choncho makina omasulira kuchokera ku Chingerezi amangosankha mwa mwayi. Bala lachiwiri ndi "kwanu". Mwa malamulo a chiyankhulo palibe cholakwika, mudziwo ndi wa mfumudi. Koma mwana wa pamudzi akanena kuti "kumudzi kwanu" wadzichotsa yekha pa mtundu, wayankhula ngati mlendo wodzataya katundu. Timati kwathu. Malemuwo akubwera kwawo, kudzagona pafupi ndi amayi awo, ndipo chilolezo cha malo kumanda chimachokera pa umwini umenewo. Liwu limodzi lokhalo likanasandutsa pempho la mwana kukhala chidziwitso cha munthu wakunja.

Chiganizo chachisanu ndi chimodzi chinati "tikufuna kuti mukonze manda". Mfumu silamulidwa, ndipo sikumba manda. Amakumba ndi adzukulu, mfumu ikaloleza ndi kuonetsa malo. Uthengawo unatsekera ndi kufunira amfumu tsiku labwino, pa uthenga wa maliro.

Tinakhala pansi ndi mnyamatayo nkulembanso motere: "Zikomo amfumu. Ndine mwana wanu, mwana wa mlongo wawo wa a Uje, kuno ku Joni. Kuno kwagwa zovuta: amalume atisiya Lachiwiri usiku m'chipatala. Tikunyamuka nalo thupi lawo Lachinayi, ndipo Mulungu akalola tifika kwathu Loweruka kuti tidzawaike pafupi ndi makolo awo. Tikupempha chilolezo chanu ndi uphungu wanu pa dongosolo lonse. Zikomo kwambiri." Muone kuti mfundo zake ndi zomwezija: amene wamwalira, tsiku, ulendo, pempho. Chimene chasintha ndi malo amene wolembayo waima pamaso pa wolandira.

Tsopano ndiyankhe amene anganene kuti ndikuuma mtima. Ndamva kale mawu awo: "Zaka zapitazo makina sankadziwa ndi liwu limodzi lomwe la Chichewa, lero akulemba kalata yonse, bwanji osayamika?" Ndikuvomera kuti pali kusintha. Chichewa chinalowa mu Google Translate mu Disembala 2014, ndipo kuchokera pamene ChatGPT inatuluka mu Novembala 2022 makina ocheza nawo achuluka, ena mwa iwo akulemba ziganizo zosalala ndithu. Koma kusalalako ndiko kumandiopsa. Chichewa chothyokathyoka aliyense amachizindikira, ndipo palibe angachitumize kwa mfumu. Chichewa chosalala chokhala ndi "iwe" wobisika mkati mwa mneni chimadutsa m'maso mwa mwana wokulira ku Joni kapena ku Leeds, amene ndiye amafuna thandizo la makinawa kuposa wina aliyense. Woomba m'manja amamuuza mwanayo kuti makina akudziwa, ndipo mwanayo amakhulupirira.

Ena amati ali ndi njira yotsimikizira: amatenga Chichewa cha makina nkuchibwezeranso ku Chingerezi, chikatuluka bwino ndiye kuti zonse zili bwino. Njira imeneyi ndi yonyenga, ndipo imanyenga kwambiri pamene cholakwa chili chachikulu. "Wokondedwa Mfumu" amabwerera ku Chingerezi mosavuta, chifukwa ndiko anachokera. "Wakupeza" ndi "wakupezani" onse amatuluka chimodzimodzi, poti Chingerezi chili ndi liwu limodzi la iwe ndi inu. "Tikaika" ndi "tidzaika" amatulukanso chimodzimodzi. Chiganizo chikakhala Chingerezi chovala mawu a Chichewa, ndi pamene chimapambana mayeso amenewa. Ndayesa ndekha uthenga wa mnyamata uja: utabwezeredwa ku Chingerezi unali kalata yabwino yoti bwana wa kampani angaisainire.

Enanso amafunsa makina omwewo kuti aweruze Chichewa chawo. Kumeneko ndi kufunsa mphika ngati ndiwo zapsa. Makinawa anaphunzitsidwa kukhala ofatsa ndi omvera, ndipo kawirikawiri amavomereza chidzudzulo ngakhale chili chabodza. Yesani nokha tsiku lina: atsutseni pa chinthu chimene alemba molondola, muwauze kuti "galu wanga" ndi cholakwika, muone ngati angaime nji. Akagonja msanga, dziwani kuti kuvomereza kwawo pa zinthu zina kulinso kopanda kulemera. Woweruza Chichewa ndi khutu la munthu. Werengani mokweza, makamaka pamaso pa wamkulu, muone pamene akwinye nkhope. Kuwerenga mokweza kumathandizanso pa chinthu china chimene zilembo zathu sizionetsa, ndiko kukwera ndi kutsika kwa liwu. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timalemba chimodzimodzi koma timatchula mosiyana, ndipo makina amene anaphunzira pa zolembedwa zokha kusiyana kumeneko sanakumvepo.

Kodi ndiye tiwataye? Ayi, ndipo apa ndisiyana ndi anzanga ena okonda chiyankhulo amene amafuna kuti tisawakhudze nkomwe. Theka la zolakwa za mu uthenga uja linachokera pa kapemphedwe. Mnyamatayo anapereka kalata ya Chingerezi nati imasuliridwe, choncho analandira kalata ya Chingerezi m'mawu a Chichewa. Njira yabwino ndi kusapereka chiganizo choti chimasuliridwe, koma kufotokoza mmene zinthu zilili, ndipo kufotokozako kukhale m'Chichewa ngati mungathe, chifukwa makina amakonda kutsata chiyankhulo ndi kalankhulidwe ka wopempha. Nenani kuti wolemba ndani ndipo ali kuti, wolandira ndani ndipo ali kuti, pali ubale wanji pakati pawo. Nenani poyera kuti wolandirayo atchulidwe "inu" paliponse ndi kuti malemu atchulidwe mwaulemu ndi "a-" ndi "-wa-". Nenani kalembedwe kamene mukufuna, ka ku Malawi kapena ka ku Zambia, ndipo ngati mukufuna Chinyanja cha m'tauni ya Lusaka chokhala ndi "manje" ndi mawu ake ena, muchitchule, chifukwa mukangoti Chinyanja mudzalandira chosakaniza. Koposa zonse, perekani ziganizo ziwiri kapena zitatu zolembedwa ndi munthu weniweni monga chitsanzo cha kamvekedwe kamene mukufuna. Chitsanzo chimawongola makina kuposa malangizo khumi.

Titayesanso motero, "iwe" anachoka, "wokondedwa" anachoka, ndipo mneni wa amalume anakhala wa ulemu kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Koma "kwanu" anatsalabe, ndipo m'chiganizo chimodzi chachitali mgwirizano unadukanso. Kupempha bwino kumachepetsa zolakwa, sikuzithetsa. Ndipo pali malire amene kupempha kulikonse sikungadumphe. Chichewa chambiri chopezeka pa intaneti ndi chomasuliridwa kuchokera ku Chingerezi: Mabaibulo, magazini a mipingo, zidziwitso za mabungwe. Ndi Chichewa cholongosoka, koma ndi cha pa guwa ndi cha mu ofesi. Chichewa cha pa siwa, cha pa chinkhoswe, cha pabwalo la milandu ya kumudzi, chambiri mwa icho chimakhala pakamwa pa anthu basi. Nchifukwa chake mukapempha nthabwala mumalandira ulaliki, ndipo mukapempha mwambi nthawi zina mumalandira mwambi wopeka umene palibe gogo anaunenapo. Mwambi uliwonse wochokera ku makina muukane mpaka mutaumva kwa munthu kapena kuupeza m'buku lodalirika. Chimodzimodzi liwu lachilendo: nthawi zina limakhala la Chiswahili kapena Chishona lolowerera, nthawi zina silipezeka m'chiyankhulo chilichonse. Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa Centre for Language Studies ya ku Zomba, umene unatuluka mu 2000, ndi poyambira pabwino pofufuza.

Ndisanamizire makina okha. "Khalani ndi tsiku labwino" timamva pa wailesi tsiku ndi tsiku kuchokera pakamwa pa anthu. Zikwangwani za m'maofesi zadzaza ndi Chingerezi chomasuliridwa liwu ndi liwu, ndipo anazilemba ndi abale athu omwe. Makina anaphunzira kwa ife. Koma ndi chifukwa chomwechi ndimakwiya ndi kuomba m'manja kuja. Ndime iliyonse ya makina imene timaimwaza osaikonza imakhala pa intaneti, ndipo makina a mawa adzaiwerenga ngati Chichewa chenicheni. Chingerezi chili ndi zolembedwa zochuluka zoti zingameze zinyalala zoterezi. Chathu chilibe. Tikapitiriza kufalitsa "thupi udzafika" ndi "malume wamwalira" monyadira, tikudyetsa makinawo zolakwa zawo zomwe, ndipo ana athu a kunja adzaziphunzira kwa iwo.

Pali chinthu chomaliza chimene makina sanamuuze mnyamata uja, ndipo sakanatha kumuuza ngakhale akanapempha mwaluso chotani. Kwathu uthenga wa maliro supita kwa mfumu pafoni kuchokera kwa mwana. Amapita nawo ndi wamkulu wa pabanja, ndi miyendo yake, nkukhala pansi. Popeza amene anamwalirayo ndiye anali mwini mbumba, udindowo unagwera mng'ono wawo wa kumudzi. Choncho uthenga umene tinaukonza mosamala uja sunapite kwa amfumu konse. Tinautumiza kwa amalume aang'onowo, titachotsa mzere woyamba, ndipo iwo ndiwo anadzuka m'mamawa Lachitatu kukagogoda kwa amfumu. Thupi linafika Loweruka madzulo, adzukulu atamaliza kale ntchito yawo.